Mmene ndinachotsera seva yathu pa mndandanda wa Spamhaus

Lachiwiri lina m'mawa, ndisanakhale n'komwe pampando, mnzanga wa kuntchito anandipatsira foni yake nati, "Achimwene, maimelo anga onse akubwerera." Pansi pa uthenga wobwererawo panali mzere uwu (adiresi ndaikapo yachitsanzo):

```
554 5.7.1 Service unavailable; Client host [203.0.113.45] blocked using zen.spamhaus.org
```

Mzerewu unandiuza zinthu ziwiri: chomwe chakanidwa ndi adiresi ya IP ya seva yathu, osati imelo ya mnzangayo, ndipo wolandirayo anafunsa kwa Spamhaus asanatikane. Spamhaus payokha sitseka imelo ya munthu. Imangosunga mndandanda wa maadiresi a mbiri yoipa, ndipo maseva olandira ndi amene amasankha kuukhulupirira.

ZEN ndi mindandanda ingapo yomangidwa pamodzi, ndiye ndinafunika kudziwa kuti tagwera uti. Funso limapita kudzera pa DNS, njira yomwe makompyuta amafunsirana za maina ndi maadiresi, ndipo manambala anayi a adiresi amalembedwa chobwerera m'mbuyo:

```
dig +short 45.113.0.203.zen.spamhaus.org
```

Yankho linabwera `127.255.255.254`, ine mtima phaa. Koma limeneli si dzina la mlandu. Limangotanthauza kuti funso ladutsira pa DNS ya aliyense, ndipo Spamhaus yakana kuyankha. Nditafunsanso kudzera pa DNS yathuyathu ndinapeza `127.0.0.3`, kutanthauza CSS, mndandanda womwe makina amaikapo okha maadiresi otumiza sipamu kapena maimelo okayikitsa. Likanakhala `127.0.0.2`, ndiye SBL, mndandanda wa magwero odziwika a sipamu, pomwe wopempha kuti muchotsedwe amayenera kukhala kampani yomwe inakupatsani adiresiyo. `127.0.0.10` ndi `127.0.0.11` ndi PBL, ndipo pamenepo simunalakwe kanthu, kungoti adiresi yanu ili m'gulu losayenera kutumiza imelo mwachindunji.

Manja ankayabwa kuti ndipemphe kuchotsedwa nthawi yomweyo, poti anthu anali atayamba kusuzumira pakhomo. Ndinadzigwira. Ukachotsedwa sipamu ikadatulukabe, umabwereranso pa mndandanda posachedwa, ndipo kupempha mobwerezabwereza kungachititse kuti njira yodzichotsera wekha itsekeke.

Seva yathu imayendera Postfix, pulogalamu yotumiza ndi kulandira maimelo. Nditalemba `postqueue -p` ndinapeza maimelo oposa 6,000 ali pamzere, pomwe ife tsiku labwino sitifika 400. Ndinawaimitsa onse kaye ndi `postsuper -h ALL`, kenako n'kuwerenga amene wakhala akutumiza:

```
grep -o 'sasl_username=[^ ,]*' /var/log/mail.log | sort | uniq -c | sort -rn | head
```

Akaunti imodzi inali pamwamba patali, ndipo inali ya munthu amene anasiya ntchito chaka chatha. Sindinaitseke atachoka, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Wina anapeza pasiwedi yake n'kumalowa usiku kuchokera ku maadiresi ambirimbiri achilendo. Kwa seva, ameneyu anali mwini nyumba wolowa ndi kiyi, choncho maimelo ake ankatuluka mwaulemu wonse, atasainidwa ndi DKIM yathu, chidindo chomwe seva imaika pa maimelo otuluka. Apa mpomwe ambiri amasokonezeka: SPF, yomwe imatchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu, pamodzi ndi DKIM zimangotsimikiza kuti imelo yachokeradi kwanu, sizinena kuti ndi yabwino.

Ndinatseka akauntiyo, ndinayambitsanso Postfix kuti olowa kale aduke, n'kufufuta maimelo ake ndi `postsuper -d`. Osathamangira `postsuper -d ALL`, chifukwa mumzeremo munalinso makalata enieni a anzanga, omwe ndinawasiya oimitsidwa mpaka zinthu zitayera. Ndinaonanso kuti `dig -x 203.0.113.45` ikubweza dzina la seva yathu, kuti dzinalo likulozanso ku adiresi yomweyo, komanso kuti ndi lomwelo seva imatchula pa HELO, moni womwe imapereka ikayamba kulankhula ndi seva ina. Pa rauta ndinatseka poti 25, khomo lomwe maseva amatumizirana imelo, kwa makompyuta onse kupatula seva, kuopa kuti ina yogwidwa ndi vairasi ingamatumize mwamseri pa adiresi yomweyi.

Nditayang'anira logi kwa maola awiri osaona chachilendo, ndinapita pa `check.spamhaus.org`, n'kulemba adiresiyo. Pofotokoza ndinalemba zoona zokhazokha: akaunti yabedwa, yatsekedwa nthawi yakuti, mzere wayeretsedwa. Salipiritsa kanthu, ndiye wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akuchotseni pa Spamhaus, mukaneni.

Madzulo `dig` sinabwezenso kanthu. Maseva ena anapitiriza kutikana kwa kanthawi chifukwa anali atasunga yankho lakale, ndiye ndinadikira pang'ono ndisanamasule makalata aja ndi `postsuper -H ALL`.

Chomwe chinatenga masiku ndi makampani aakulu a imelo. Iwo amasunga okha mbiri ya adiresi iliyonse, ndipo kuchoka pa Spamhaus sikufufuta zomwe anaona. Kwa sabata ndi theka makalata athu ena ankagwera m'bokosi la sipamu. Ndinaimitsa kalata yomwe timatumiza kwa makasitomala onse pamodzi, tinkangotumiza zamasiku onse, ndipo ndinaika malire a maimelo 100 pa ola pa akaunti iliyonse. Lachisanu la sabata yachiwiri ndinayesa kutumiza ku maakaunti anga atatu akunja, ndipo onse atatu analandira m'bokosi loyenera.