Tiyi wa R48 500

Ndamva kuti ku Rosettenville, ku Joni, mwayamba kunditchula "a Tiyi", ndiye ndifotokoze ndekha musanathire mchere wina.

Choyamba, chithunzi chija choonetsa mmene tinagwiritsira ntchito ndalama sindinapange ine. Anapanga ndi mwana wa msungichuma wakale wa bungwe lathu la maliro, ndipo bambo ake atabwerera kumudzi anapita ndi kope lomwe. Chimene chinatsala ndi PDF ya tsamba limodzi: mizere isanu yonenepa yogona chopingasa, maina kumanzere, ndalama zolembedwa kumapeto kwa mzere uliwonse. A tcheyamani anati, "Achimwene, inu mumadziwa kompyuta, tiikireni izi mu tebulo." Manambala asanu okha. Ndikanatha kukopera ndi bolopeni pa chikuto cha machesi. Koma munthu akakutama pagulu kuti umadziwa kompyuta, bolopeni umaiona ngati chipongwe.

Ndinalemba izi, lamulo lotulutsa mawu mu PDF:

```
pdftotext lipoti.pdf
```

Zinatuluka bwinobwino, maina asanu pamwamba, manambala asanu pansi. Ndinawaika moyandikana mu Excel, ndinaphatikiza, yankho 83 150, ndendende chiwerengero chimene chinalembedwa pansi pa chithunzi. Ndinadziombera m'manja ndekha m'chipinda.

Lamlungu ndinaima kutsogolo, jekete nditavala. Kutumiza thupi kumudzi, R21 000. Anthu anagwedeza mitu. Mabokosi R9 200, chakudya cha pamaliro R3 600, holo R850, wina mpaka anati chaka chino tasamala ndalama. Kenako ndi mawu omwewo aulemu ndinawerenga kuti tiyi ndi shuga, R48 500.

Kunangoti zii. Mayi amene amatiphikira tiyi anali ataima pakhomo ndi ketulo m'manja, akuthira m'kapu ya a tcheyamani. Sanasiye kuthira. Kapu inadzadza, sosala inadzadza, tiyi anayamba ulendo wopita ku ndandanda wa maina, iwo maso ali pa ine basi. Mkulu wina kumbuyo anatulutsa foni n'kuyamba kuwerengera mokweza kuti shuga ameneyo ndi matumba angati, ndipo ngati lole yake ingaloledwe pa Beitbridge. Wina anati ayi, ikakakamira pa Mwanza. Wina anayang'ana m'kapu yake ngati muli golide. Mayi aja anaika ketulo pansi mwaulemu kwambiri n'kunena kuti, "Bambo, masamba amenewa ndimagula ndi ndalama yanga theka. Bwerezani."

Ndipo ine, m'malo mokhala pansi, ndinabwereza. Ndinawonjezanso kuti masamu akugwirizana.

Apa mundimvetse. PDF siidziwa kuti nambala iyi ndi ya mzere uwu. Imangosunga kuti mawu akuti ali pamalo akuti pa tsamba, ndipo pulogalamu imachita kuganizira yokha kuti iyambe kuwerenga ati. Mzere wotumiza thupi unali wautali kwambiri, moti nambala yake inakakhala yokhayokha kumapeto kwa tsamba kumanja. Pulogalamu inaiona ngati chigawo china, n'kuitulutsa pomaliza. Manambala anayi enawo anakwera sitepe imodzi, ndipo 48 500 inagwera dzina lomaliza, tiyi. Kuphatikiza sikukanagwira zimenezi, chifukwa manambala omwewo ngakhale muwasokoneze bwanji, yankho ndi lomwelo. Chinandipha n'chakuti anayi oyambawo ankamvekabe ngati zoona.

Anandimasula ndi mtsikana wa sukulu, mdzukulu wa mayi omwewo. Anatenga pepala la chithunzi ndi rula. Mzere wapamwamba unapitirira masentimita 11, wa tiyi mamilimita awiri okha, kadontho ngati nsabwe. "Ankolo, kanthu kakang'ono chonchi kangakhale ndi nambala yoposa onse?" Ndiye kuyesa kwenikweni kumeneko: mzere wautali uzikhala ndi nambala yaikulu, ndipo wotalika kawiri nambala yakenso ikhale pafupifupi kawiri. Tiyi anali R850.

Usiku ndinakapeza kuti ndinangosiya liwu limodzi:

```
pdftotext -layout lipoti.pdf
```

Limeneli limasiya mawu pamalo pake monga alili pa tsamba, dzina ndi nambala yake pa mzere umodzi. Ngakhale pamenepo muyang'anebe ndi maso, chifukwa nambala ikalembedwa m'mwamba pang'ono mwa mzere wake imatha kutuluka payokha, ndipo kampata ka mu 48 500 kamatha kuidula kukhala 48 ndi 500 mukamaigawa m'mabokosi a Excel. Komanso amene amapanga chithunzi osasiya tebulo lake, nayenso mlandu ali nawo, kungoti ali kumudzi.

Ndinakapepesa ndi paketi ya shuga ya makilogalamu awiri. Analandira. Lamlungu lapitali aliyense anapatsidwa tiyi wamkaka, ine madzi otentha. Akuti bajeti inatha.