Tsamba la Sapitwa ndi maadiresi ake

Ine ndi mlongo wanga tili ndi kabizinesi koperekeza alendo okwera phiri la Mulanje, ndipo maulendo athu amayambira pa Likhubula. Alendo ambiri amatipeza pa intaneti asanafike n'komwe kuno, makamaka ofuna kukafika pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Tsamba la ulendo umenewu ndi limene limatidyetsa.

Vuto linali lakuti tsamba limodzi lomwelo linkatseguka pa maadiresi angapo. Ina inali ndi www, ina yopanda. Munthu akadina linki pa Facebook, kumapeto kwa adiresi kumawonjezereka mchira woyamba ndi ?fbclid=. Kwa ife ndi tsamba limodzi, koma kwa Google adiresi iliyonse ndi payokha. Ikaona kuti zolembedwamo n'zofanana, imasankha yokha imodzi yoti izionetsa anthu, ndipo kwa ife inasankha yopanda www, imene sitinalembe pa chikwangwani chathu.

Mphwanga amene amatisamalira webusayiti anati, "Malume, tiyenera kuiuza Google adiresi yeniyeni." Anaika mzere uwu m'chigawo cha head, chimene chili kumayambiriro kwa khodi ya tsambalo, ndipo apa ndaika adiresi yongoyerekezera:

```html
<link rel="canonical" href="https://www.example.com/sapitwa">
```

Mzerewu, umene Google, Yahoo ndi Microsoft anayamba kuulemekeza mu 2009, umaoneka pa adiresi iliyonse imene tsambalo latsegukira, ndipo ponseponse ukuloza kumodzi. Adiresi imalembedwa yonse, kuyambira pa https. Ukaikidwa m'chigawo cha body, m'mene mumakhala zimene owerenga amaona, Google siuwerengera.

Chimene ndimauza anzanga a malo ogona alendo n'chakuti mzerewu si lamulo, ndi pempho chabe. Google ikaona kuti malinki a patsamba lanu lomwe akuloza kwina, ikhoza kukana. Ndiye tinakonza malinki onse ndi sitemap.xml, fayilo ya mndandanda wa masamba athu, kuti zitchule adiresi imodzimodziyo, ndipo yopanda www ija tinaipatutsa ndi 301, nambala youza kuti tsamba lasamukiratu, kuti aliyense woilemba azifikira pa yeniyeni.

Kuti mudziwe ngati zamveka, tsegulani Search Console, chida cha Google cha eni mawebusayiti, muike adiresi mu URL Inspection. Pali mizere iwiri: "User-declared canonical", imene mwasankha inu, ndi "Google-selected canonical", imene yasankha Google. Zikasiyana, pali chimene chikutsutsana. Musathamangire kuweruza, chifukwa sizisintha mpaka Google itabweranso kudzawerenga tsambalo.

Mlongo wanga anafunsa ngati tsamba la ulendo wa ku Chambe, pa phiri lomweli, lingalozenso kwa Sapitwa kuti mphamvu zonse zipite kumodzi. Mphwanga anakana. Maulendowa ndi osiyana, njira ndi mitengo yake n'zosiyana, ndipo Google itamvera pempho limenelo tsamba la Chambe lingasowe pa zotsatira za anthu ofufuza. Choncho la Chambe lili ndi mzere wake wodzilozera lokha, chimodzimodzi la Lichenya.