Kalata yothokoza ya mjigo yapita, koma chidindo chinandizunza

Kalata ija yapita dzulo, ndipo mtima wanga wakhala pansi tsopano. Ndine mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu kuno ku Ntcheu, cha ku Tsangano. Amene anatipatsa ndalama zokumbira mjigo anapempha chinthu chimodzi chokha: tiwalembere zomwe mudzi wagwirizana asanatumize gawo lachiwiri la ndalama. Ntchito ya tsiku limodzi inandidyera masabata awiri.

Alembi anzanga, msonkhano ukangotha, anthu asanabalalike, a gulupu asaine ndi kudinda pamapepala a zokambirana pomwepo pabwalo. Ine sindinatero. Kunali kutayamba kuda, chifunga chikutsika, amayi akuthamangira kukaphika, ndiye ndinati ndibwera mawa. Mawa lakelo ndinapeza a gulupu apita kumaliro kutsidya, ku Mozambiki. Atabwerako, chidindo chinali chitapita ndi mlembi wawo kumunda wa kachewere. Ulendo wachitatu ndinapeza onse alipo, chidindo chilipo, koma inki itauma gwa! Ndinakwera kabaza kukagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Ndikubwera nayo, mlembi uja n'kumati, "Achimwene, ya chidindo ili kuti?" Mjigo womwe ana ake adzamwepo madzi! Ndinalipira chifukwa nthawi inali itatha, koma mpaka pano zimandiwawa.

Kalatayo payokha si yovuta. Ndinathokoza m'mizere itatu basi, kutchula ndalama zomwe tinalandira ndi tsiku lomwe zinafika, kuti iwonso ayerekeze ndi mabuku awo. Poyamba ndinali nditadzaza tsamba lonse ndi mathokozo ndi mavesi, a tcheya atawerenga anandifunsa kuti, "Nanga za mjigo zili pati?" Ananena zoona. Wopereka akufuna kudziwa tsiku la msonkhano, amene anautsogolera, ndi anthu amene anafika. Kwathu anafika 63, amayi 41 ndi abambo 22, ndipo ndinaphatikiza pepala lomwe anasainapo, ena ndi chala.

Pamene ndinavutika ndi posiyanitsa zomwe tinagwirizana ndi zomwe zinangoyankhulidwa. Pabwalo pamatuluka mawu ambiri. Bambo wina anaumirira kuti ndalama zikatsala tigule malata a sukulu ya mkaka, anthu n'kuwomba m'manja, koma palibe anakweza dzanja kuvomereza. Zimenezo m'kalata sizinalowe. Ndinalemba zokhazo zomwe anthu anakwezera manja: banja lililonse lizisonkha K500 pamwezi yogulira zipangizo mjigo ukawonongeka, mudzi ututa mchenga ndi miyala, ndipo komiti ikhala ya anthu 10, amayi 6, msungichuma akhale mayi. Chilichonse ndinachipatsa mwini wake ndi tsiku lomalizira, chifukwa mukangolemba kuti "mudzi ututa mchenga", aliyense amayembekeza mnzake.

Ndatsala pang'ono kuiwala chachikulu. Pempho lathu loyamba linati mjigo ukhala pafupi ndi tchalitchi. Pamsonkhano alangizi a zaumoyo anayeza ndi mapazi n'kutiuza kuti malowo ayandikana kwambiri ndi zimbudzi, pomwe pamafunika mamita osachepera 30. Anthu anasankha malo ena kumtunda, m'munda wa gogo wina amene anaupereka mwaulere. Ine ndinalemba kuti "tasamutsa mjigo". Aphunzitsi amene amandithandiza kumasulira m'Chingerezi anandiimitsa. Anati, "Akulu, ndalamazo anapereka poona malo oyambawo. Musawauze ngati zatha kale, apempheni." Tinalembanso motere: "Msonkhano wagwirizana kupempha kuti mjigo ukumbidwe kumtunda m'malo mwa patchalitchi chifukwa cha zimbudzi. Sitiyamba kukumba mpaka titamva yankho lanu, komanso mpaka akatswiri atayeza ngati pansipo pali madzi." Ndinatchulanso kuti mabanja anayi a kumunsi sanakondwe poti mtunda wawatalikira. A tcheya sanafune kuti zimenezi zilembedwe, koma ndinakana kubisa. Woperekayo akadzabwera n'kuzimva kwa eni ake, kalata yathu yonse idzaoneka yabodza. Gogo uja nayenso anadinda chala papepala lopereka malo, a gulupu ali mboni, kuopera kuti adzukulu angadzalande malowo mtsogolo.

Ndisanapite nayo ku boma kukaitayipitsa, ndinaiwerenga m'Chichewa pamaso pa komiti yonse. Msungichuma ndiye anagwira kuti ndinalemba K5,000 m'malo mwa K500. Kotayipitsa nakonso muwerenge manambala musanachoke pakhomo, ndipo musindikize mapepala atatu: la wopereka, la a gulupu, ndi la m'faelo ya komiti.

Koma chidindo chija, abale. Pamsonkhano wa mwezi wamawa ndapempha kale kuti chibwere pabwalo pamodzi ndi mpando wa a gulupu, ndipo inki yotsala ija ndikusunga ndekha m'chikwama.