Phindu la K56 miliyoni lomwe lagona m'weyahausi

Sabata yotseka mabuku a mwezi mukuidziwa kale inu maakauntanti anzanga. Lolemba tinali m'weyahausi kuwerenga sitoko, Lachiwiri kuthamangitsa mainivoisi omwe a sitolo amawasunga m'madilowa ngati ndi makalata a chibwenzi, kwinaku magetsi akuthimathima ndipo jenereta akuti ndi ya makina, osati ya ofesi. Zonsezo nzozolowereka. Chomwe chandilembetsa ndi msonkhano wa Lachitatu, pomwe anthu akuluakulu anaomba m'manja chifukwa cha phindu lomwe kubanki kulibe.

Pafakitale pathu timapanga sopo wa mitundu iwiri: wochapira wamitanda, yemwe ndiye amatidyetsa, ndi wosambira. Katoni ya wochapira timagulitsa K30,000. Ndalama zomwe zimakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa makatoni, monga mafuta a kanjedza, soda, katoni yeniyeniyo, magetsi oyendetsa makina ndi malipiro a aganyu, zimakwana K19,000 pa katoni. Kenako pali ovahedi yosasintha: lendi ya nyumba, kutha kwa makina, inshuwalansi, malipiro a akapitawo ndi amakaniko. Gawo la sopo wochapira pa ovahedi imeneyi ndi K120 miliyoni pamwezi, kaya tipange katoni imodzi kaya tidzaze bwalo lonse. Mwezi wabwinobwino timapanga makatoni 20,000, ndiye katoni iliyonse imasenza K6,000 ya ovahedi, mtengo wake wonse n'kukhala K25,000.

Mwezi wa dzana tinapanga 20,000 n'kugulitsa onse. Titachotsa K70 miliyoni ya kuofesi ndi ya ogulitsa, phindu linali K30 miliyoni. Pamenepo njira ziwiri zowerengera mtengo wa katundu ndi phindu, ya abusopushoni ndi ya valiyebulo, zimayankha chimodzimodzi, chifukwa palibe chomwe chatsala m'sitoko.

Mwezi wathawu malonda anatsika, tinagulitsa 18,000 okha. Koma abwana oyang'anira zopanga anayendetsa makina usiku ndi usana, ovataimu mpaka Lamulungu, n'kupanga makatoni 30,000. Lipoti lomwe kompyuta inatulutsa linati phindu lafika K56 miliyoni. Malonda atsika ndi makatoni 2,000, phindu latsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo m'chipinda monsemo palibe yemwe anadabwa.

Masamu ake si ovuta. Njira ya abusopushoni imamwaza ovahedi pa katoni iliyonse yomwe yapangidwa, osati yomwe yagulitsidwa. K120 miliyoni ukaigawa pa makatoni 30,000, iliyonse ikusenza K4,000 m'malo mwa K6,000, ndiye mtengo wa katoni ukuoneka ngati watsika kufika K23,000. Makatoni 18,000 omwe anagulidwa anatenga K72 miliyoni yokha ya ovahedi kupita nayo ku akaunti ya phindu. K48 miliyoni yotsalayo yakakamira pa makatoni 12,000 omwe aunjikidwa m'weyahausi, ndipo m'mabuku ikuoneka ngati chuma cha kampani. Komatu lendi tinalipira yonse, akapitawo analandira onse. Ndalamayo inatuluka kale, kungoti mabuku akuidikiritsa pakhomo mpaka tsiku lomwe sopoyo adzagulidwe.

Njira ya valiyebulo siichita zimenezo. Katoni imawerengedwa K19,000 basi, ndipo ovahedi yonse ya mwezi imachotsedwa mwezi womwewo. Katoni iliyonse yogulitsidwa imasiya K11,000, makatoni 18,000 asiya K198 miliyoni. Chotsanipo K120 miliyoni ndi K70 miliyoni ija, mutsala ndi K8 miliyoni. Ndilo phindu lomwe ine ndinalemba pa pepala langa lachiwiri. Kusiyana kwa 56 ndi 8 ndi 48 yomweyo, makatoni 12,000 kuchulukitsa ndi K4,000. Mukafuna kudziwa msanga ngati zoterezi zikuchitika kwanu, musayambe ndi tsamba la phindu. Yang'anani ngati sitoko ya katundu womalizidwa yakwera pomwe malonda atsika, kenako funsani kubanki.

Nditagawa pepalalo, abwana a zopanga anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Akauntanti, inu ntchito yanu ndi kuwerenga, ife yathu ndi kupanga. Mtengo wa katoni ndautsitsa ndi K2,000. Kapena mukuti ndalakwa?"

"Iyayi bwana, makina mwawayendetsa bwino. Koma makatoni 12,000 aja adya K228 miliyoni ya mafuta, soda ndi aganyu, ndipo ndalamayo ndi ya ovadilafuti. Tikulipira chiwongoladzanja pa sopo yemwe palibe wamuitanitsa."

Chinandiwawa n'chakuti iwo sanalakwitse masamu. Bonasi yawo imawerengedwa pa mtengo wa katoni ndi phindu la abusopushoni, ndiye achita zomwe kalata yawo ya ntchito imawalipirira. Anawonjezanso mfundo yomwe sindingaikane: kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wopanga katundu ndi zipangizo zakunja amafuna kugula mafuta akapezeka, chifukwa mawa mtengo wake sudziwika ndipo ndalama zakunja zimavuta. Chabwino. Koma kugula mafuta n'kuwasunga m'thanki ndi nkhani ina, kuwasandutsa sopo ndi ovataimu ndi nkhani inanso. Mafuta a m'thanki sasenza ovahedi, sabweretsa bonasi. Sopo wamitanda akakhalitsa amauma n'kupepuka, makatoni apansi amaphwanyika, ndipo denga la weyahausi yathu takhala tikulidandaula kuti limadontha koma bajeti yake imangodumphidwa.

Ndinawauzanso za mwezi wamawa, chifukwa ngongole imeneyi imabwera ndithu. Tikadzagulitsa 20,000 monga mwa nthawi zonse, koma n'kupanga 8,000 okha kuti weyahausi ipume, ovahedi ya mweziwo idzalowa yonse, kuonjezapo K48 miliyoni yomwe yagonayi. Mwezi womwe ukanaonetsa phindu la K30 miliyoni udzaonetsa kuluza K18 miliyoni. Ndiye munthu wofuna kuthawa manyazi amenewo amangopitiriza kupanga mopyola, mulu n'kumakula.

Wina wa ku malonda anafunsa kuti nanga bwanji osangoitaya njira ya abusopushoniyo. Sizingatheke. Mabuku omwe timapereka kwa maodita amatsata IAS 2, lamulo la kawerengedwe ka sitoko m'mabuku, ndipo lamuloli limafuna kuti mtengo wa sitoko ukhale ndi gawo la ovahedi yosasintha ya fakitale, yogawidwa potengera zomwe fakitale imapanga nthawi yabwinobwino. Mukapanga zochepa kwambiri simuloledwa kukweza gawo la katoni, yotsalayo imachotsedwa mwezi womwewo. Mukapanga zochuluka modabwitsa mumatsitsa gawolo, monga tinachitira pofika pa K4,000, kuti sitoko isalembedwe mtengo woposa womwe inadya. Ndiye K56 miliyoni ija ndi yovomerezeka, odita aisayinira bola sopoyo akhale wogulitsika pamtengo woposa K23,000. Cholakwika n'kuitenga nambala yopangira anthu akunja n'kumayendetsera fakitale ndi kugawira mabonasi.

Ndimaganiza kuti tathana, koma akuluakulu anatulutsa nkhani yachiwiri: atseke mzere wa sopo wosambira chifukwa ukuluza K3,000 pa katoni. Apa ndiye mutu unandiwira.

Ovahedi ya fakitale yonse ndi K180 miliyoni. Timaigawa potengera maola a anthu ogwira ntchito, njira yomwe inakhazikitsidwa kalekale makina atsopano asanabwere, ndipo palibe yemwe anaiunikanso. Sopo wosambira amakulungidwa pamanja mmodzimmodzi, choncho amadya gawo limodzi mwa magawo atatu a maola a anthu, n'kupatsidwa K60 miliyoni. Timapanga makatoni 5,000 okha, ndiye iliyonse ikusenza K12,000. Ikani pa K31,000 ya zipangizo ndi aganyu, mtengo ukufika K43,000, pomwe timagulitsa K40,000.

Tsono funsani kuti K180 miliyoniyo imapita kuti. Yambiri ndi ya boyila, kutha kwa makina, zitsulo zosinthira ndi amakaniko. Amayi okulunga sopo patebulo saononga boyila. Mukagawa potengera maola a makina, sopo wosambira amangotenga gawo limodzi mwa magawo 6, yomwe ndi K30 miliyoni, kapena K6,000 pa katoni. Mtengo wake ukutsika kufika K37,000, ndipo sopo yemwe amaluza K3,000 uja tsopano akupindula K3,000. Wochapira naye akukwera kuchoka pa K25,000 kufika K26,500. Palibe tambala yomwe yalowa kapena kutuluka m'kampani, tangosintha chogawira. Zili ngati anthu a nyumba imodzi omwe agawana bilu ya madzi powerenga mitu, pomwe wina yekha ndiye amathirira dimba.

Sindikunena kuti maola a makina ndiwo choonadi chomaliza. Lendi ingagawidwe bwino potengera malo omwe mzere uliwonse watenga, ndipo malipiro a akapitawo amatsatadi anthu. Koma pa funso lotseka mzere, kugawa kulikonse n'kosathandiza. Funso ndi lakuti: tikatseka, ndi ndalama ziti zisiye kulowa, ndipo ndi ziti zisiye kutuluka? Katoni ya wosambira imasiya K9,000, pamwezi K45 miliyoni. Imeneyo itha. Pa ovahedi, nditawerenga mzere ndi mzere, zomwe zingachokedi ndi malipiro a kapitawo wa mzerewo ndi kukonza makina odindira, pafupifupi K10 miliyoni. Lendi siitsika, boyila ayakabe. K170 miliyoni yotsalayo igwera sopo wochapira yekha, K8,500 pa katoni, ndipo kampani ikhala yataya K35 miliyoni mwezi uliwonse pofuna kuthawa kuluza kwa papepala.

Akuluakulu anamvetsera, anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Mwafotokoza bwino, koma musatisokoneze ndi malipoti awiri. A bodi anazolowera limodzi." Za kutseka mzere aziimika kaye mpaka kotala ithe. Za bonasi sanayankhe, anangoti ndi nkhani ya ofesi yoona za antchito.

Lachinayi linathera pa misonkho ndi kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki, komwe ovadilafuti yatsala pang'ono kugunda malire. Lachisanu woyang'anira weyahausi anabwera kudzapempha mapaleti ena ndi lona, akuti makatoni ayamba kuikidwa m'khonde ndipo ndandanda ya mwezi uno yomwe wapatsidwa ikuti 28,000. Ndinamusayinira pepala la lona. Lipoti la bodi ndatumiza la K56 miliyoni monga anafunira, koma tsamba la valiyebulo ndalimata kumbuyo kwake, ndi mzere wosonyeza makatoni omwe ali m'sitoko mwezi ndi mwezi. Akalichotsa, achotse okha.