Ufa ukatsika mtengo, bwanji ena amagula wochepa?

Dzulo ku Mayfair, ku Joni, ndapeza thumba la ufa lomwe linali R120 likugulitsidwa R100. Ndakhala ndikuliganizira usiku wonse.

Mtengo ukatsika pamachitika zinthu ziwiri. Ufa watchipa poyerekeza ndi mpunga, ndiye umakopeka kusiya mpunga nkugula ufa wambiri. Komanso ndalama yako yomweyo yakula mphamvu, ngati abwana akuwonjezera malipiro.

Tsono taganizani banja la R600 ya chakudya pamwezi. Limagula matumba anayi, R480, yotsala R120 ya mpunga ndi kankhuku. Pa R100, matumba anayi ndi R400, ndipo yotsala yafika R200. Mayi a m'banjamo amati, "Ana atopa ndi nsima ya masamba." Amagula matumba atatu okha, R300 yonse nkupita ku mpunga ndi nyama. Mtengo watsika, ufa wogulidwa watsikanso!

Chinthu chotere akatswiri a zachuma amachitcha katundu wa Giffen: mphamvu ya ndalama yagonjetsa kukopa kwa kutchipa. Sizichitika wamba ayi. Chakudyacho chiyenera kukhala chomwe anthu amachichepetsa akapezako bwino, ndiponso chodya gawo lalikulu la ndalama zawo. Mchere, ngakhale utatchipa chotani, sungasinthe bajeti ya munthu.