Hekisagoni ya phulusa

Sabata ino ine ndi ana anga a Fomu 2 tinali pa mapoligoni a mbali zofanana ndi ngodya zofanana. Lolemba ndinajambula hekisagoni, poligoni ya mbali 6, pa bolodi, n'kulemba mizere yochoka pa ngodya imodzi kupita ku zinzake. Munatuluka mathirayango 4, ndipo poti iliyonse imakhala ndi madigiri 180, ngodya zonse zamkati zinakwana 720. Mu pentagoni munatuluka 3, mu okitagoni 6. Atazindikira okha kuti mathirayango amaperewera ndi awiri pa chiwerengero cha mbali, m'pamene ndinalemba (n − 2) × 180°, n kuimira chiwerengero cha mbali.

Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Madamu, ine ndapeza 1,080." Nditasuzumira m'kope mwake, ndinapeza kuti mizere yake yachokera pakati, mathirayango n'kukhala 6. Sanasochere kwenikweni. Anangowerengera limodzi ngodya zozungulira kadontho kapakatiko, zomwe ndi madigiri 360. Atazichotsa, 720 inatulukira.

Mutu unandiwawa Lachitatu, pa ngodya zakunja. Ngodya iliyonse yamkati ya hekisagoniyo ndi madigiri 120, ndiye ambiri ankachotsa 120 pa 360 n'kulemba 240, poganiza kuti "yakunja" ndi yonse yotsala kuseri kwa ngodyayo. Choko chinandikanika, choncho ndinakapempha phulusa kukhitchini, tinathira hekisagoni yaikulu pabwalo, mnyamata wina n'kumayenda pamzerewo. Akafika pa ngodya, tinkagoneka ndodo moloza komwe akanapita akadapanda kukhota. Mpata wa pakati pa ndodoyo ndi mbali yotsatira ndiyo ngodya yakunja, madigiri 60, ndipo ukaiphatikiza ndi yamkati zimakwana 180 chifukwa zagona pa mzere umodzi. Atakhota kachisanu ndi chimodzi anayang'ananso kumtengo wa mango komwe anayang'ana ponyamuka. Anali atatembenuka kamodzi kathunthu, madigiri 360. Mbali zikachuluka munthu amakhota pang'onopang'ono koma kambiri, ndipo zonse pamodzi zimakhalabe 360.

Lachisanu ndinawafunsa: ngodya iliyonse yamkati ndi madigiri 156, mbali zilipo zingati? Othamanga anagawa 360 ndi 156, n'kupeza 2 ndi kanyenyeswa. Poligoni ya mbali ziwiri munaionapo kuti? Njira yake n'kuyamba wapeza yakunja, 180 − 156 = 24, kenako 360 ÷ 24 = 15. Ena anadzera ku fomula ya Lolemba ija, anafikadi pa 15 koma atadzaza tsamba lonse. Ndinawachenjezanso kuti kugawaku kumatheka pokhapokha ngodya zonse zikhale zofanana.

Funso lomaliza ndinatchera dala msampha: ngodya yamkati ya madigiri 130. Yakunja ndi 50, ndipo 360 ÷ 50 ndi 7.2. Angapo anaifufuta 2 uja mwakachetechete n'kulemba 7. Mtsikana wa 1,080 uja analemba kuti poligoni yotereyo kulibe, ndipo ndinamuchongera.