Kuthetheka kwa besi kwatha, ndapeza pomwe kumachokera

Tsopano nyimbo zanga zakale zikulira bwino pa sipika popanda kuthetheka kuja. Vutoli landidyera masiku ambiri, ndipo chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti nyimbo zatsopano, zaphokoso zija, zimamveka bwinobwino. Zimene zimathetheka zinali zimbale zakale zojambulidwa motsika mawu, makamaka ng'oma ya besi ikagunda.

Choyamba ndinatsitsa voliyumu pa ampu. Kuthetheka kunatsika limodzi ndi nyimbo koma sikunachoke, ndipo pa mahedifoni kunalinso komweko. Zikatere sipika ilibe mlandu, mawu akutuluka mu kompyuta atawonongeka kale. Ndiye ndinayamba kuzimitsa zinthu chimodzichimodzi pa nyimbo imodzi yomweyo. Nditazimitsa ikwalaiza, ija yokweza kapena kutsitsa magawo a mawu monga besi, kuthetheka kunatha. Nditaiyatsanso n'kuzimitsa ReplayGain, imene imalinganiza voliyumu ya nyimbo zosiyanasiyana, kunathanso. Chilichonse pachokha chinalibe vuto, koma ziwirizi zikakumana mpamene zinthu zimasokonekera.

Masamu ake ndi awa. Mawu a mu kompyuta ali ndi denga, 0 dBFS, ndipo chilichonse chopyola pamenepo chimadulidwa nsonga. Kudulidwako ndiye kuthetheka kumene timamva. ReplayGain 2.0 imafuna kuti nyimbo zonse zikhale pa -18 LUFS, womwe ndi muyeso wa kukwera kwa mawu a nyimbo yonse. Nyimbo yanga yakale ili pa -22 LUFS ndipo nsonga yake imafika -5 dBFS, choncho imakwezedwa ndi 4 dB, nsonga n'kufika pa -1. Mpaka apa palibe choipa. Koma ikwalaiza yanga imakweza besi ya cha pa 60 Hz ndi 6 dB, ndipo nsonga ya nyimboyi ndi ng'oma ya besi yomweyo. Ikagunda imapyola denga ndi pafupifupi 5 dB. Nyimbo yatsopano ya pa -8 LUFS imatsitsidwa ndi 10 dB, motero ngakhale besi ikwezedwe, malo amatsalabe.

Chinandichedwetsa kwambiri ndi chakuti njira yoteteza kudulidwa kwa nsonga ya ReplayGain inali yoyatsa kale. Njirayi imangodziwa nsonga ya fayilo momwe inayezedwera. Ikwalaiza imabwera pambuyo pake, ndipo zimene imawonjezera siziwerengedwa. Mankhwala ake ndi ochepa: ndatsitsa `Preamp` ya ikwalaiza, yomwe imakweza kapena kutsitsa mawu onse pamodzi, kufika pa -6 dB, kufanana ndi pomwe ndakweza kwambiri, kenako ndakweza voliyumu pa ampu. Ine ndimaona kuti ikwalaiza ntchito yake ndi kukonza chilema cha sipika kapena chipinda, osati kukometsera nyimbo iliyonse. Pa mahedifoni abwino ndimaizimitsa, ndipo poyerekeza mafayilo awiri a nyimbo imodzi sindiiyatsa n'komwe.

Kulinganiza voliyumu sindinakusiye, chifukwa pomvera nyimbo zosakaniza ndi kumene kumandipulumutsa kuthamangira ku ampu nyimbo iliyonse ikayamba. Sikufinya mawu monga ena amanenera, kumangokweza kapena kutsitsa nyimbo yonse ndi mlingo umodzi. Kufinya kumabwera pakalowa chochepetsa nsonga, monga pa Spotify mukasankha `Loud`, imene imakankhira nyimbo ku -11 LUFS m'malo mwa -14 ya `Normal`. Pomvera chimbale chathunthu ndimasankha `album` mu ReplayGain, imene imayeza chimbale chonse pamodzi, osati `track` yoyeza nyimbo iliyonse payokha. Ndinaziphunzira chaka chatha pomwe ndimasamutsa ma CD anga kuwaika mu mafayilo a FLAC: pa `track`, kanyimbo kofatsa ka gitala imodzi kamakwezedwa mpaka kulingana ndi nyimbo ya gulu lonse, zimene woimba sanafune. Ntchito imeneyo ndimainyadirabe, ngakhale matagi a zimbale zina akudikira kukonzedwa mpaka lero.

`Crossfade` ndi nkhani yaifupi. Imatsitsa mathero a nyimbo uku ikukweza chiyambi cha inzake, ndipo pa Spotify imafika masekondi 12. Pa nyimbo zovina zosakaniza ndimaiika pa masekondi 4 kapena 5. Ikatalika, ng'oma ziwiri zosiyana liwiro zimapondana ndipo mawu oyamba a woimba amamira. Pa zimbale zojambulidwa pa konsati, kapena zimene nyimbo imalowa mwa inzake popanda mpata, iyenera kuzimitsidwa. Pamenepo chofunika ndi `Gapless`, imene imangochotsa kachete ka pakati osakhudza mawu. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Chotsatira ndikufuna maikolofoni yoyezera kuti ndione chimene chipinda chikuchita ndi besi, chifukwa ndikukayikira kuti 6 dB ija ikubisa vuto la pomwe sipika zaima. Zikatheka ndiyezenso nyimbo zonse mu laibulale, chimbale ndi chimbale, kenako ndikonze ikwalaiza yakeyake ya mahedifoni aliwonse amene ndili nawo.